Poloni wa ku Polokwane: kampani iyankhe bwanji chakudya chake chikadwalitsa anthu?

Lamulungu pa 4 Malichi 2018, nduna ya zaumoyo ya ku South Africa, Aaron Motsoaledi, inauza atolankhani kuti gwero la matenda amene anali atasautsa dzikolo kwa chaka chathunthu lapezeka. Anthu 180 anali atamwalira kale, ndipo odwala otsimikizika anali 948. Ndunayo inatchula fakitale ya Enterprise ya mumzinda wa Polokwane, ya kampani ya Tiger Brands, kumene amapanga poloni ndi masoseji. Aliyense amene anakhalapo ku Joni amamudziwa poloni ameneyu. Ndi ndiwo ya munthu wa ndalama zochepa, yongodula n'kuika pakati pa buledi, ya mwana wopita kusukulu ndi ya bambo wothamangira kuganyu. Patangopita masiku ochepa, Malawi, Zambia, Mozambique ndi maiko ena oyandikana nawo analetsa nyama zamtunduwu zochokera ku South Africa, ndipo masitolo anayamba kuzichotsa m'mafiliji.

Mawa lake, Lolemba, mkulu wa Tiger Brands, Lawrence MacDougall, anakhala pamaso pa atolankhani. Ananena kuti kampani ikuchotsa katunduyo pamsika ndipo yaimitsa ntchito m'mafakitale okhudzidwa. Koma ananenanso kuti palibe umboni wolumikiza mwachindunji katundu wa kampaniyo ndi imfa za anthuwo, ndipo atafunsidwa za kupepesa, sanapepese.

Nkhani ngati imeneyi ndi imene aphunzitsi a zamalonda ndi a ntchito ya uneneri wa makampani amakonda kuika pa mayeso. Wophunzira amapatsidwa tsamba limodzi lofotokoza zimene zinachitika, kenako funso n'kumati aunike njira zimene kampani ikanatsata poyankha, ndipo anene yoyenera. Ambiri amagwa pa mawu akuti kuunika. Amandandalika njira zisanu kapena zisanu ndi imodzi zimene analoweza, iliyonse ndi ubwino wake ndi kuipa kwake, n'kumaliza ndi mawu akuti kampani iyenera kunena zoona. Pamenepo sanaunike kanthu. Kuunika n'kuika njira iliyonse pa sikelo ya nkhani imene ili patsogolo pako, n'kunena kuti iyi ikulemera, iyi yapepuka, ndipo chifukwa chake n'chakuti. Tiyeni tiyese ndi nkhani ya poloniyi, popeza funsoli si la m'kalasi mokha. Aliyense wogula chakudya m'sitolo ali ndi ufulu wodziwa ngati zimene akumuuza n'zomuteteza iye kapena zoteteza kampani.

Tisanafike pa njira, pali funso loyamba: kodi anthu akuona kuti wolakwa ndani? Katswiri wina wa ku America, Timothy Coombs, anamanga chiphunzitso chake chonse pa mfundo imeneyi. Iye amagawa mavuto a makampani m'magulu atatu. Pali pamene kampani nayonso ndi yolakwiridwa, monga munthu woipa akathira poizoni m'katundu wake. Pali ngozi, pamene makina alephera popanda amene anafuna. Ndiye pali vuto limene likanapewedwa, pamene anthu akuona kuti wina ananyalanyaza ntchito yake. Mlandu umene anthu akuikira kampani ukamakula, yankho lake liyeneranso kulemera: kukana kumatheka pokhapokha ngati kampani ilibedi chifukwa, kuchepetsa nkhani kumatheka pa ngozi yaing'ono, koma pa gulu lachitatu pamafunika kupepesa ndi kulipira.

Apa m'pamene wophunzira wothamanga amapunthwa. Akangomva za katundu woopsa amakumbukira nkhani ya mankhwala a Tylenol, ya mu 1982 ku Chicago, pamene anthu asanu ndi awiri anamwalira ndipo kampani ya Johnson & Johnson inachotsa pamsika mabotolo pafupifupi 31 miliyoni. Nkhaniyo ndi yotchuka, koma si mnzake wa nkhani ya poloni. Poizoni wa m'makapisozi aja anathiridwa ndi munthu wakunja, katundu atatuluka kale m'fakitale. Kampaniyo inali ngati mwini nyumba amene waberedwa, ndipo anthu anaimvera chisoni. Ku Polokwane, akatswiri a boma ananena kuti kachirombo kanapezeka m'kati mwa fakitale momwemo. Nyumba ikayaka chifukwa cha mbaula ya mwini wake, anthu saiyang'ana monga amayang'anira nyumba yotenthedwa ndi achiwembu.

Tikayang'ana kachirombo kameneka timvetsa chifukwa chake nkhaniyi inali yovuta kwa onse. Dzina lake ndi lisiteriya. Kamasiyana ndi tizirombo tambiri ta m'zakudya chifukwa kamaswana ngakhale m'filiji, ndipo poloni amadyedwa osaphika. Munthu wathanzi kangangomupatsa malungo ndi kutsegula m'mimba, koma kwa mayi woyembekezera, khanda, nkhalamba kapena munthu wa chitetezo chofooka kamapha. Mwa odwala a ku South Africa, pafupifupi anayi mwa khumi aliwonse anali makanda ongobadwa kumene, otengera kwa amayi awo. Chovuta china n'chakuti matenda angaonekere patapita masabata, ngakhale masiku 70, chidyereni chakudyacho. Ndani angakumbukire zimene anadya miyezi iwiri yapitayo? N'chifukwa chake boma linalengeza za mliriwu mu Disembala 2017 lisakudziwa gwero lake. Mpata unatseguka mu Januwale 2018, pamene ana asanu ndi anayi a pa sukulu ya mkaka ina ku Soweto anadwala limodzi. Oyeza anapeza lisiteriya mu poloni amene anawo anadya, natsata mapazi ake mpaka ku fakitale. Mtundu wake, umene akatswiri amautcha ST6, unali womwewo umene unapezeka mwa odwala ambiri.

Ndiye tikaika nkhaniyi m'magulu a Coombs, ikugwera pati? Kampani ikanakonda kuti ikhale ngozi. Koma woyankha funso ayenera kufunsa mmene mayi wogula poloni akuionera, osati mmene kampani ikufunira. Kwa mayiyo, kusunga fakitale ya chakudya ili yaukhondo ndiyo ntchito yeniyeni ya wopanga chakudya. Komanso pali chinthu chimene chiphunzitsochi chimati chimakweza mlandu: mbiri yakale. Mu 2007 Tiger Brands inalipitsidwa chindapusa cha marandi pafupifupi 99 miliyoni chifukwa chogwirizana ndi makampani ena pa mtengo wa buledi. Anthu osauka, omwewo odya poloni, anali asanaiwale. Wophunzira amene waona zimenezi n'kunena kuti nkhaniyi ili m'gulu lachitatu, wapeza kale theka la yankho.

Tsopano tiike kukana pa sikelo, ndipo tikuike mwachilungamo, chifukwa a MacDougall sanayankhule mosaganiza. Ku South Africa kuli lamulo loteteza ogula la mu 2008, ndipo gawo 61 la lamuloli limati wopanga katundu woopsa angalipitsidwe ngakhale wodandaula asanasonyeze kuti panali kunyalanyaza. Zikatero, chotsalira kampani kuti idzitetezere nacho m'khoti n'chimodzi chachikulu: kodi ndi katundu wathudi amene anadwalitsa munthu uyu? Mawu aja akuti palibe kulumikizana kwachindunji anaima ndendende pa khomo limeneli. Anali mawu a maloya, ndipo kumbuyo kwa maloya kumakhala a inshuwalansi, amene safuna kuti kampani ivomere mlandu iwo asanalole. Panalinso mfundo ina yoona: lisiteriya anapezekanso pa fakitale ya kampani ina, ya Rainbow, ngakhale kuti sanali wa mtundu wa ST6. Woyankha funso amene sanatchule zifukwa zimenezi ndiye kuti akumenyana ndi mdani wa udzu.

Komabe njirayi inapepuka, ndipo tingathe kunena chifukwa chake. Kukana kumagwira ntchito ngati wokanayo akukhulupirika kuposa womuneneza, kapena ngati ali ndi umboni wake m'manja. Pano woneneza anali nduna, ataima pa zotsatira za labotale ya boma yoona za matenda opatsirana. Wokana anali mwini katundu, amene aliyense akudziwa kuti ali ndi zotaya. Komanso zochita za kampani zinkatsutsana ndi mawu ake: dzanja lina likuchotsa poloni m'masitolo, pakamwa pakunena kuti palibe umboni. Choopsa kwambiri n'chakuti kukana n'kubetcha pa zimene zidzatuluke mawa. Mu Epulo 2018 Tiger Brands inalengeza yokha kuti kuyeza kumene inachititsa kunapeza ST6 m'zinthu zotengedwa pa fakitale ya ku Polokwane. Kuyambira tsiku limenelo, mawu a pa 5 Malichi anakhala goli m'khosi mwa kampani.

Pali chinthu china chimene ine ndimachiona kuti n'chachikulu kuposa mbiri ya kampani, ndipo ophunzira ambiri sachilemba n'komwe. Akatswiri a ntchitoyi amaphunzitsa kuti uthenga woyamba pa tsoka si wodziteteza ayi, koma wouza anthu chochita: musadye chakuti, bwezani kwakuti, tsukani filiji motere, mayi woyembekezera akamva kutentha thupi athamangire kuchipatala. Wachiwiri ndi wowakhazika mtima pansi, kuwauza chimene chachitika ndi chimene chikukonzedwa. Za mbiri ya kampani zimabwera pambuyo. Nanga taganizani za mayi wa ku Soweto amene ali ndi theka la poloni m'filiji, ndalama yogulira ndiwo ina alibe, n'kumva pa wailesi kuti mwini kampani akuti palibe umboni. Adzataya kapena adzadula? Mawu okonzedwera woweruza amamvedwanso ndi anthu amene sali m'khoti. Njira iliyonse imene ingachititse munthu mmodzi kukayika kutaya chakudya chokayikitsa yalephera, ngakhale itapulumutsa mamiliyoni.

Za njira yochepetsa nkhani sitichedwapo. Kunena kuti lisiteriya amapezeka paliponse, m'dothi ndi m'madzi, n'zoona, koma pamene maliro adutsa zana, choonadi chimenecho chimamveka ngati mwano. Chimodzimodzi kukumbutsa anthu zabwino zimene kampani inachita kale. Njira imeneyo imangothandizira ina, siima payokha, ndipo pa sabata ya maliro ndi bwino kuisiya.

Chotsala ndi kupepesa ndi kulipira, ndipo pano pali nkhani yofanana kwenikweni ndi ya poloni, imene wophunzira wanzeru angaitchule m'malo mwa Tylenol. Mu Ogasiti 2008, ku Canada, lisiteriya yemweyu anapezeka mu nyama zodula kale za kampani ya Maple Leaf Foods, zochokera ku fakitale yake ya ku Toronto. Anthu 22 anamwalira. Tsiku limene akuluakulu a zaumoyo anatsimikiza kulumikizanako, mkulu wa kampani, Michael McCain, anaonekera pa kanema n'kupepesa, kunena kuti kuyesetsa kwawo konse kwalephera. Katundu yense wa fakitaleyo anachotsedwa pamsika, osati wokhawo amene anapezeka ndi vuto. Iye ananenanso poyera kuti pa nkhaniyi sanatsate maganizo a maloya ndi owerengera ndalama. Atafufuza, anapeza kuti tizirombo tinkabisala m'kati mwenimweni mwa makina odulira nyama, kumene kutsuka kwa tsiku ndi tsiku sikunkafika, ndipo anauza anthu zimenezo. Pofika Disembala chaka chomwecho, kampani inali itagwirizana ndi odandaula kuti ilipire ndalama zofika madola a ku Canada 27 miliyoni. Miyezi inayi yokha.

Matenda amodzi, chakudya chofanana, labotale ya boma italoza chala m'nkhani zonse ziwiri, koma mayankho awiri osiyana. Kuyerekeza kotereku ndi kumene kumasandutsa ndandanda kukhala kuunika. Koma kuyerekezako kukhale ndi malire ake. Ku Canada odwala anali makumi angapo, ku South Africa pofika kumapeto anali 1,060 ndipo omwalira anali 216, mliri umene bungwe la zaumoyo padziko lonse linati ndi waukulu kuposa wina uliwonse wa lisiteriya umene unalembedwapo. Mtengo wa kuvomera unali wosiyana kutalitali, ndipo malamulo a maiko awiriwa si amodzi. Wonena kuti Tiger Brands ikanangotengera Maple Leaf basi, osatchula kusiyana kumeneku, wafupikitsa nkhani.

Nanga panali njira yapakati? Ine ndikuti inalipo, ndipo ife oyankhula Chichewa timaidziwa kuposa olemba mabuku a maphunzirowa. Tikapita pa siwa timati pepani, ndipo palibe amene amaganiza kuti tavomera kuti ndife tapha. Timasiya chipepeso m'mbale, palibe amene amachitcha chindapusa. Koma mbuzi zako zikadya chimanga cha mnzako, pepani wako amakhala wina, wa munthu wovomera. Mawu ndi amodzi, kulemera kosiyana, ndipo aliyense pamudzi amasiyanitsa. Pa 5 Malichi kampani ikanatha kunena pepani woyambayo ndi mtima wonse, n'kuonjezera zinthu zogwirika. Ikanati: boma lapeza kachiromboka m'fakitale yathu ndipo tikutenga zimenezo monga zoona mpaka patapezeka zina, musadye katundu wathu aliyense wa mtunduwu, takhazikitsa thumba lothandiza odwala pa zachipatala kuyambira lero, zotsatira za kuyeza kwathu tidzazitulutsa tsiku limene tidzazilandire. M'mawu onsewa mulibe chiganizo chonena kuti imfa ya uje ndi ya uje tinachititsa ndife. Loya akanadandaula, koma khomo lake la m'khoti likanakhala lisanatsekedwe. Ndipo zotsatira za mu Epulo zikanabwera ngati kukwaniritsa lonjezo, osati ngati kugwidwa.

Njira yapakatiyi ilinso ndi msampha wake. Pepani wa pa siwa akachokera kwa munthu amene mudzi wonse ukumuganizira, ndipo iye akabwera chimanjamanja, amapsetsa mtima kuposa kukhala chete. Chimene chimapatsa mawuwo mphamvu ndi zochita zoyenda nawo limodzi, ndi nthawi yake. Thandizo la sabata yoyamba ndi thandizo, koma la chaka chachisanu ndi chiwiri anthu amaliona ngati lochita kukokedwa.

Funso la mayeso limafunanso kuti unene mmene ungadziwire kuti njira yagwira kapena ayi. Ambiri amathamangira ku mtengo wa masheya, ndipo n'zoona kuti masheya a Tiger Brands anatsika Lolemba lija. Koma muyeso umenewu ndi wachinyengo, chifukwa kampaniyi ndi yaikulu, imagulitsa buledi, ufa, mpunga ndi zam'zitini, ndipo masheya amatsatira zonsezo. Miyeso yabwino ili pafupi ndi vutolo. Kodi katundu anachoka pamsika mwachangu, ndipo odwala atsopano anachepa? Pamenepa zinatheka: chiwerengero chinatsika kwambiri atachotsa katunduyo, ndipo pa 3 Seputembala 2018 nduna inalengeza kuti mliri watha, ngakhale tiyenera kukumbukira kuti lamulo lochotsa katunduyo linachokera ku boma. Kodi ndani ankatsogolera nkhani, kampani kapena ena? Apa kampani inali yotsatira, yoyankha zimene ena anena. Kodi dzina la katunduyo linapulumuka m'manja mwa mwini wake? Mu 2020 Tiger Brands inagulitsa bizinesi yake yonse ya nyama zamtunduwu, pamodzi ndi dzina la Enterprise.

Muyeso womaliza ndi wa anthu okhudzidwa, ndipo ndi umene umandipweteka ine. Mu Disembala 2018 khoti lalikulu la ku Johannesburg linalola kuti odwala ndi mabanja a omwalira asumire kampani pamodzi ngati gulu. Zaka zinatha akulimbana pa nkhani ya zikalata za umboni, mpaka kufika ku khoti la apilo mu 2022. Ena mwa makanda amene anapulumuka mu 2017 anatsala ndi ulumali wa muubongo, ofunika chithandizo cha tsiku ndi tsiku, ndipo anafika msinkhu woyamba sukulu mlandu usanazengedwe. Akulu amati mlandu suola, koma odikira mlanduwo amatopa, ena amamwalira. Mu Febuluwale 2025 kampani inavomera kupereka ndalama zoyambirira kwa odwala ochepa amene ankafunika thandizo la chipatala mwamsanga, ndipo mu Meyi chaka chomwecho, kudzera mwa a inshuwalansi ake, inapereka ganizo loti ilipire magulu ena a odandaula nkhani ithere kunja kwa khoti. Chilengezocho chinanena momveka kuti kampani sikuvomera mlandu. Ndiye kuti njira yapakati ija, yothandiza popanda kuvomera, inali yotheka, ndipo kampani inadzafika pa iyo patatha zaka zisanu ndi ziwiri kuchokera pa Lolemba limene a MacDougall anakhala pamaso pa atolankhani.